"Ntchito inoyi siikucheperani?" Kalata yoyankha nkhawa ya olemba ntchito

Intaviyu yayenda bwino. Mafunso okhudza ntchito mwawayankha, akuluakulu amene akukufunsaniwo akugwedezera mitu, wina mpaka wamwetulira. Kenaka wapampando akutembenuza mapepala anu, akuvula magalasi, n'kunena kuti: "Koma mayi, ndi maphunziro anuwa, komanso kumene mwachokeraku, ntchito inoyi siikucheperani?" Ambiri pamenepa amaseka pang'ono n'kuyankha kuti, "Ayi bwana, ine ntchito iliyonse ndimagwira." Yankho lenileni limadzabwera munthu ali kale mu minibasi, chitseko cha ofesi ija chitatsekedwa.

Funso limeneli lachuluka masiku ano. Boma la Amereka litaimitsa thandizo lake lopita kumaiko akunja mu Januwale 2025, mabungwe ambiri omwe si aboma kuno ku Malawi anatseka mapulojekiti, ndipo anthu amene anali ndi maudindo akuluakulu anapezeka akufunsira ntchito zotsikirapo. Ena ndi obwerera kumudzi kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande. Enanso angotopa ndi ubwana. Onsewa amakumana ndi funso lomweli, ndipo mpata woliyankha kachiwiri ulipo umodzi wokha: kalata yaifupi yothokoza imene munthu amatumiza intaviyu ikatha.

Kuti kalatayo igwire ntchito, wolemba ayenera kumvetsa kaye chimene anafunsidwa. Wapampando uja sakudana ndi digiri yanu. Akanadana nayo sakanakuitanani, pakuti CV yanu anaiwerenga asanakuimbireni foni. Chimene ali nacho ndi mantha, ndipo mwaulemu wawakulunga m'mawu okuyamikirani. Kawirikawiri amaopa kuti mudzachoka ntchito yabwino ikangopezeka. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo bwana amene wataya miyezi itatu akuphunzitsa munthu kachitidwe ka pakampani pake safuna kulemba mame. Nthawi zina mantha ake ndi a malipiro: akudziwa kuti ndalama imene angapereke ndi yochepa poyerekeza ndi imene munkalandira, ndiye akuona kale nkhope yanu ya pa 28. Nthawi zinanso, ndipo izi sanena poyera, akuopa kuti simudzamvera amene adzakhale wokuyang'anirani, makamaka ngati ali wamng'ono kwa inu pa zaka kapena pa maphunziro. Mwina woyang'anirayo anali m'chipinda momwemo, ndi uja amene sanafunse zambiri.

Mantha amenewa si opusa. Lamulo la zolemba anthu ntchito la chaka cha 2000 limalola munthu wolandira malipiro a pamwezi kusiya ntchito atapereka notisi ya mwezi umodzi basi. Pa nthawi ya pulobeshoni, imene kwa antchito aluso siyenera kupitirira miyezi 12, mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi n'komwe. Wolemba ntchito aliyense wodziwa ntchito yake amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake kulumbira kuti "sindidzachoka" sikumukhudza mtima. Lonjezo la mu imelo silimanga munthu. Chimene chingamukhutiritse ndi chifukwa chomveka choti munthu ngati inu akhalitse pa ntchito ngati imeneyo.

Tiyerekeze ndi mayi wina

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza, koma cha mtundu umene ambiri akuudziwa. Mayi wa zaka 44, ali ndi digiri ya masitazi pa za kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo ndi membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anali mkulu woona za chuma m'bungwe lina lothandizidwa ndi ndalama zakunja, akuyang'anira anthu asanu ndi mmodzi, akulandira, tinene, K3,500,000 pamwezi. Pulojekiti inatsekedwa. Tsopano wafunsira ntchito ya akauntanti pa kampani ina ku Lilongwe yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto, ya antchito makumi anayi. Malipiro ake ndi K1,300,000. Amene adzakhale bwana wake ndi mnyamata wa zaka 32 amene akumalizitsa mayeso a ACCA.

Intaviyu inali Lachiwiri m'mawa. Mwini kampani anafunsa funso lija, n'kuwonjezera kuti: "Mabungwe aja akadzatsegulanso, simudzatithawa?" Mayiyu anayankha mwachidule kuti sadzathawa, ndipo anaona yekha kuti sizinawafike pamtima.

Madzulo a tsikulo, asanalembe kanthu, akhale pansi alembe papepala mawu enieni amene ananenedwa, osati mmene iye anawamvera. Apa mwini kampani watchula yekha chimene chikumudetsa nkhawa: kuthawa. Sanatchule malipiro, sanatchule za mnyamata uja. Kalatayo iyankhe nkhawa imeneyi. Kulakwitsa kofala ndi kuyankha nkhawa zonse zimene munthu akuganiza kuti zingakhalepo. Wina amalemba kuti sadzachoka, malipiro ochepa alibe nawo vuto, sadzaderera bwana wachinyamata, ndiponso ukalamba sunamufike. Potero wawapatsa nkhawa zitatu zimene mwina analibe. Mnyamata wa zaka 32 uja akawerenga chiganizo choti "sindidzavutika kugwira ntchito pansi pa munthu wamng'ono kwa ine," chimene amamva ndi choti mayiyu wawerengera kale zaka zake.

Chinthu chachiwiri, chimene ndi chovutirapo, ndi kudzifunsa moona mtima ngati mwini kampaniyo sakunena zoona. Ngati mayiyu akudziwa mumtima kuti bungwe lina likangomuitana mawa adzanyamuka, ndiye kuti palibe kalembedwe kamene kangabise zimenezo kwa nthawi yaitali. Lilongwe ndi mzinda waung'ono kwa anthu a ntchito imodzi. Owerengera ndalama amakumana kumisonkhano ya ICAM, amakumana kumaliro, ndipo mbiri ya munthu amene analumbira n'kuthawa patatha miyezi inayi imayenda. Munthu wotero kuli bwino anene kuti angathe kuthandiza kwa nthawi yoikika, mwina pa kontirakiti ya chaka chimodzi, kusiyana n'kulonjeza zimene sadzasunga.

Koma tinene kuti mayi wathuyu ali ndi zifukwa zenizeni. Pa zaka zisanu ndi zinayi zija anagwira pa makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi zonse akudikira ngati opereka thandizo awonjezera ndalama. Theka la mwezi uliwonse ankakhala ali paulendo, lero ku Mzimba, mawa ku Nsanje. Pamene ankakwera udindo, ntchito yeniyeni ya mabuku imene amaikonda inkamuchoka m'manja, n'kutsala ndi misonkhano ndi malipoti. Ndiponso wawerengera bwino: nyumba anamanga yake, lendi salipira, mwana woyamba wamaliza sukulu, choncho K1,300,000 ikhoza kumufikitsa kumapeto kwa mwezi ngakhale movutirapo. Izi ndizo zipangizo za kalata yake, ngakhale kuti si zonse zimene zilowemo.

Makalata awiri amene amaononga

Kalata yoyamba imene imabwera m'mutu mwa munthu amene wakhala miyezi isanu ndi itatu pakhomo imamveka chonchi: "Bwana, chonde ndikupempha mundiganizire. Ndakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ana akufuna fizi, ndipo ndili wokonzeka kulandira malipiro alionse amene mungandipatse. Musayang'ane maphunziro anga. Ndidzagwira ntchito iliyonse."

Ife Amalawi kudzichepetsa timakulemekeza, ndipo wolemba kalata yotereyi amaona ngati akuonetsa ulemu. Koma taonani mmene mwini kampani aiwerengera. Mayiyu akuti akufuna ntchitoyi chifukwa cha mavuto. Ndiye mavutowo akadzatha, kapena wina akadzamupatsa K2,000,000, chidzamusunge n'chiyani? Kalata yodandaula imatsimikizira nkhawa imene inayenera kuichotsa. Komanso pa ntchito yogwira ndalama za kampani, kulengeza kuti mwapanikizika ndi ngongole ndi fizi kumadzutsa nkhawa ina imene palibe amene angakuuzeni pamaso. Ndipo mawu akuti "malipiro alionse" amakumbukiridwa. Akadzakulembani adzayambira pansi penipeni, inu n'kumadzadandaula ndi mtengo umene munadziikira nokha.

Kalata yachiwiri imachokera ku mtima wopwetekedwa: "Ndikukhulupirira kuti munaona kuti luso langa ndi loposa zimene udindowu ukufuna. Ndinaona kuti kasungidwe kanu ka mabuku kali ndi zofooka zambiri, ndipo ndi zimene ndaphunzira m'mabungwe akuluakulu ndikhoza kusintha dipatimenti yonse m'miyezi itatu. Kampani yanu ipindula kwambiri kupeza munthu ngati ine pa mtengo umenewu."

Mwina zonsezi n'zoona. Koma amene anakonza kasungidwe ka mabuku kameneko ndi mnyamata uja, ndipo kalatayi aiwerenga. Kampani inalengeza kuti ikufuna munthu wolemba mainivoyisi, woyanjanitsa mabuku ndi sitetimenti ya kubanki, wokonza malipiro a antchito. Sinalengeze kuti ikufuna wodzasintha dipatimenti. Kudzikuza m'makalata otere nthawi zambiri sikubwera ndi mawu achipongwe, kumabisala m'zinthu zazing'ono: kutchulanso madigiri onse pansi pa dzina, kutchula mamiliyoni a madola amene munkayang'anira, kupereka malangizo amene palibe wawapempha. Mawu akuti "ngakhale udindowu ndi waung'ono" nawonso ndi a gulu lomweli, ngakhale wolembayo amaona ngati akudzichepetsa.

Chodabwitsa n'chakuti makalata awiriwa, ngakhale akuoneka otsutsana, amalakwitsa malo amodzi. Onse akukamba za wolembayo, wina za mavuto ake, wina za ukulu wake. Palibe imene ikukamba za ntchito imene ili pa tebulo.

Kalata imene ingagwire ntchito

Makalata a ntchito kuno kwathu ambiri amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mayiyu mwina atero. Koma mfundo zake ndi izi, ndipo zikhoza kunenedwa m'chinenero chilichonse:

"Bambo, zikomo chifukwa cha nthawi imene munandipatsa dzulo pokambirana za udindo wa akauntanti. Munafunsa ngati sindidzabwerera ku mabungwe akadzayambanso kulemba anthu. Funsolo ndi loyenera, ndipo ndaona kuti sindinaliyankhe mokwanira.

"Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndagwira ntchito pa makontirakiti aafupi, ndikuyendayenda m'maboma theka la mwezi uliwonse. Ndasankha kusiya moyo umenewo. Ndikufuna ntchito yokhazikika kuno ku Lilongwe, pa kampani imene imadalira malonda ake, ndiponso ntchito yoti ndizigwira mabuku ndi manja anga, chifukwa ndi mbali imene ndimaikonda. Malipiro amene munatchula ndinawamva, ndipo ndikufunabe udindowu.

"Munanena kuti nyengo yogulitsa feteleza ikafika, kuyanjanitsa mabuku a madepoti anu ndi a kulikulu kumachedwa. Ntchito imeneyi ndaigwira mwezi ndi mwezi pa maofesi asanu a m'maboma, ndipo ndingakonde kuigwira motsogozedwa ndi mkulu wa dipatimentiyi. Ngati kungathandize, amene anali bwana wanga kwa zaka zisanu ndi chimodzi, amene dzina lawo lili pa CV yanga, angakuuzeni za kagwiridwe kanga ka ntchito.

"Zikomo kwambiri."

Kalata yonse ndi imeneyi. Imakwana pa foni munthu atangotsitsa kamodzi kapena kawiri, ndipo ndi mmene iyenera kukhalira, chifukwa bwana ambiri amawerengera pa foni pakati pa zochita zina. Tiyeni tione chimene chiganizo chilichonse chikuchita.

Mayiyu wabwereza funso lija m'mawu a mwini wake ndipo walitcha loyenera. Izi zimachotsa mkangano. Wofunsayo sakumva ngati akutsutsidwa, akumva kuti anamvedwa. Sanapepese chifukwa cha maphunziro ake, ndipo sanawatchule n'komwe. Mawu akuti masitazi kapena ICAM mulibemo, chifukwa amene akuwerengayo akuwadziwa kale, ndiwo anadzutsa nkhani yonseyi.

Ndime yachiwiri ndiyo mtima wa kalatayi. Zifukwa zake ndi zoti wowerenga angathe kuzitsimikizira yekha: zaka zisanu ndi zinayi zili pa CV, ndipo aliyense amadziwa kuti ntchito za mapulojekiti zimayendera makontirakiti. Koposa apo, zifukwazi ndi zoti mabungwe akadzatsegulanso sizidzasintha. Bungwe latsopano lidzabwera ndi kontirakiti yaifupi yomweyo ndi maulendo omwewo. Umu ndi mmene mungayesere chifukwa chanu musanachilembe: kodi chidzakhalabe choona tsiku limene ntchito yaikulu idzapezeke? "Ndikusowa ndalama" chimagwa pa mayeso amenewa. "Ndikufuna kumagona kunyumba kwanga" sichigwa. Ndiponso mawu akuti "ndasankha" ndi olemera. Pulojekiti kutha sanasankhe, ndipo sakunama kuti anasankha. Chimene wasankha ndi mtundu wa ntchito imene akufuna tsopano.

Za nyumba yake, za mwana amene wamaliza sukulu, sanalembe. Anaziwerengera kuti adzitsimikizire yekha, ndipo ngati angadzafunsidwe pamaso akhoza kuzitchula mwachidule. Koma m'kalata, chiganizo chimodzi chikukwana: malipiro ndinawamva, ndikufunabe. Chiganizochi chikusiyana kwambiri ndi chija choti "malipiro alionse." Chikuvomera ndalama imene yatchulidwa, osati kutsegula khomo loti aitsitse. Ngati pa intaviyu malipiro sanatchulidwe, chiganizochi chichotsedwe, nkhani ya ndalama idikire mpaka atakupatsani ntchito. Kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense anaona mmene malipiro ooneka okwanira amasungunukira. Musadzimange ndi nambala imene simunaimve, ndipo imene mwaimvayo muiwerengere bwino musanalembe kuti mwaivomera.

Ndime yachitatu ndi pamene luso lake likuonekera, koma taonani kukula kwake. Watenga vuto limodzi limene eni ake anatchula, osati limene iye anatulukira, ndipo wasonyeza kuti anagwirapo ntchito yofanana nalo. Sanati adzalithetsa m'masabata awiri. Pa ntchito ya akauntanti pa kampani yotereyi, zimene zimasowetsa bwana tulo ndi zodziwika: msonkho wa PAYE ufike ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, wa VAT pofika pa 25, ndalama za penshoni zitumizidwe, katundu wa m'madepoti agwirizane ndi zimene zili m'mabuku. Munthu amene akulankhula za zinthu zimenezi akuonetsa kuti waiona ntchitoyo mmene ilili ndipo sakunyansidwa nayo. Amene akulankhula za ndondomeko ya zaka zisanu akuonetsa kuti maso ake ali pa mpando wina.

Nkhani ya mnyamata uja yayankhidwa popanda kuitchula. Mawu ochepa akuti "motsogozedwa ndi mkulu wa dipatimentiyi" akunena kuti mayiyu akudziwa amene ali pamwamba pake, ndipo zaka za munthu sanazikhudze. Kutchula bwana wakale kukuchitanso chimodzimodzi. M'malo modzichitira umboni kuti ndi womvera ndi wokhazikika, walozera kwa munthu amene angafunsidwe. Koma awadziwitse kaye bwana akalewo, kuti foni ikalira asadabwe.

Pali amene amalangiza kuti m'kalata yotere munthu alonjeze zaka, monga kunena kuti adzakhala zaka zosachepera ziwiri. Ine ndimaona kuti izi zimathandiza pokhapokha ngati wofunsayo anafunsa yekha za nthawi, ndiponso ngati nambalayo ili ndi pogwira, monga mwana amene watsala ndi zaka zitatu pa sukulu ya mumzinda momwemo. Nambala yongotola imamveka ngati ya pamsika. Ndipo bwana wochenjera akamva "zaka ziwiri" amamvanso kuti chaka chachitatu mulibe.

Nkhawa ikakhala ina

Kalata ya mayiyu yayankha za kuthawa chifukwa ndi zimene anafunsidwa. Akanafunsidwa kuti, "Simudzatopa ndi ntchito yobwerezabwereza?", ndime yapakati ikanasintha. Akanafotokoza kuti ngakhale ali mkulu, kumapeto kwa mwezi ankakhala pansi ndi anyamata ake kuyanjanitsa mabuku, ndipo ndi masiku amene ankaweruka wokhutira. Mphunzitsi wamkulu wopuma amene akufunsira kuphunzitsa masamu pa sukulu yoyendetsedwa ndi mwini wake anganene kuti pa zaka zonse za uhedimasitala sanasiye kalasi ya Fomu 4. Umboni woti munthu ankagwira ntchito ya pansi pamene sankakakamizidwa umaposa mawu alionse oti adzaikonda.

Funso likakhala la msinkhu wa woyang'anira, ndipo lafunsidwa poyera, pamenepo liyankhidwe poyera, ndi chitsanzo chimodzi cha nthawi imene munagwirapo pansi pa munthu wocheperapo pa zaka kapena pa mapepala, ndi zimene munaphunzira kwa iye. Ngati chitsanzo chotere mulibe, musapeke. Nenani chimene woyang'anirayo akudziwa chimene inu simukudziwa. Mayi wathu uja, mwachitsanzo, mabuku a bungwe losachita malonda amawadziwa bwino, koma za katundu wogulitsa, ngongole za makasitomala ndi mitengo yosinthasintha ya feteleza, mnyamata uja ndiye katswiri. Kunena zimenezi si kudzitsitsa, ndi zoona basi, ndipo mnyamatayo akaziwerenga phewa lake limatsika.

Nthawi yake, ndi njira yake

Kalatayi ifike tsiku lotsatira, kapena pasanathe masiku awiri. Ofunsa ambiri amakambirana za amene awaona tsiku lomwelo kapena m'masiku ochepa otsatira, ndiye kalata yofika patatha sabata imapeza nkhani itatha. Koma isatumizidwe munthu akadali pa geti. Imelo yolembedwa mtima uli m'mwamba ndi imene imatuluka yodandaula kapena yaukali. Lembani madzulo, gonani, muwerengenso m'mawa mokweza mawu. Pamene mwamva mawu akuti "chonde" kawiri, chotsani. Pamene mwapeza chiganizo chimene simungachinene mutayang'anizana ndi woyang'anira uja, chotsaninso.

Njira yake ndi imene anakuitanirani. Ngati anakulemberani imelo kuchokera ku ofesi yoona za antchito, yankhani pa imelo yomweyo, ndipo mukhoza kupempha kuti aipereke kwa wapampando. Pa kampani yaing'ono imene mwini wake anakulemberani yekha pa WhatsApp, uthenga wa pa WhatsApp ndi wololeka, koma ukhale wolembedwa bwino, nthawi ya ntchito, osati mawu ojambula a mphindi zinayi. Chosayenera ndi kufufuza nambala ya mmodzi wa ofunsawo kudzera kwa mlamu wake kapena kwa a kutchalitchi. Zolengeza ntchito zambiri m'nyuzi zathu zimachenjeza kuti wopezeka akunyengerera kapena kudzera kumbali adzachotsedwa pa mndandanda, ndipo kalata yabwino yodutsa njira yolakwika imasanduka chimenecho.

Apa pali malire amene ayenera kunenedwa. Pa ntchito za boma, ndi m'mabungwe akuluakulu amene ofunsa amapereka malikisi pa fomu n'kusainira tsiku lomwelo, kalata yotsatira siisintha malikisiwo, ndipo kuyesa kufikira mmodzi wa iwo kungakuikeni m'mavuto. Kumeneko yankho liyenera kukonzedwa musanalowe m'chipinda. Kalata imene tikukambayi ili ndi mphamvu kumene wofunsa ndi yemwenso amasankha: makampani aang'ono ndi apakati, masukulu ndi zipatala zomwe si zaboma, mabungwe aang'ono.

Ena, atatopa ndi funsoli, amachotsa masitazi pa CV kapena kuchepetsa dzina la udindo wakale. Kusatchula kosi imene siikukhudzana ndi ntchitoyo si mlandu. Koma kusintha udindo umene munali nawo ndi bodza limene foni imodzi kwa bwana wakale imaliulula, ndipo mukafika pa intaviyu ndi mapepala onse monga mayi uja, nkhani yobisa yatha kale.

Mukatumiza

Yankho la kalata yotere nthawi zambiri limakhala lalifupi, kapena silibwera n'komwe, ndipo kukhala chete kwa masiku angapo sikutanthauza kuti mwakanidwa. Chizindikiro choti kalata yagwira ndi pamene bwana wakale uja akuimbirani kuti afunsidwa za inu, kapena pamene akuitananinso kuti mukacheze ndi woyang'anira dipatimenti. Akabweranso ndi funso la malipiro, ndiye kuti nkhawa ya kuthawa yachepa ndipo tsopano akuwerengera thumba lawo.

Ngati ananena kuti adzayankha pofika Lachisanu, ndipo Lachisanu ladutsa, dikirani masiku awiri kapena atatu a ntchito, kenaka lembani mizere iwiri yofunsa pamene nkhani yafika. Mu uthenga wachiwiriwu musabwerezenso nkhani ya maphunziro anu. Munaiyankha kale, ndipo kuibwereza kumaonetsa kuti ikukuvutitsani inuyo kuposa iwo. Kuimba foni tsiku ndi tsiku, kapena kukangopezeka pa ofesi muli "ndimangodutsa," kumafafaniza zonse zimene kalata yoyamba inamanga.

Zimachitikanso kuti mawu oti mwaphunzira kwambiri amakhala chophimba chabe. Mwina asankha kale wina, mwina woyang'anira akuopa mpando wake ndipo palibe chiganizo chimene chingamuchotse manthawo, mwina ndi zaka zanu zimene sakufuna kuzitchula. Mudzazindikira zimenezi ngati mwayankha nkhawa yawo momveka koma iwo akubwerezabe mawu omwewo osawonjezera kanthu. Pamenepo musalembe kalata yachitatu. Yankhani ndi mzere umodzi wothokoza, munene kuti udindo wina wogwirizana ndi luso lanu ukadzapezeka angakudziwitseni, ndipo mfundo za ndime yapakati ija muzisunge pamtima, chifukwa pa intaviyu yotsatira mudzafunika kuzinena ndi pakamwa funsolo likangofunsidwa.